Mzere uliwonse wa bajeti uzidzifotokoza wokha

Amabungwe ang'onoang'ono ambiri mumakonda kulimbikira pa pulopozo, masamba ndi masamba ofotokoza vuto, koma mukafika pa nalativu ya bajeti, gawo lofotokoza mmene ndalama ya mzere uliwonse yapezekera, mumangokopera zomwe zili mu tebulo n'kuziika m'mawu. Tebulo likuti maphunziro 3,000, nalativu ikuti "ndalama 3,000 zigwira ntchito ya maphunziro". Apo simunafotokoze kanthu, mwangobwereza. Munthu amene akuwerenga kwa dona, bungwe limene mukulipempha ndalamalo, sakukudziwani, sangakuimbireni foni kuti mumufotokozere, ndiye iye akufuna atenge kakyuleta, achulukitse manambala anu n'kupeza 3,000 yomweyo, komanso aone kuti ndalamayo ikupita ku ntchito iti ya mu pulopozo.

Tiyeni titenge mzere womwewo tiuphwanye. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, inu muike mitengo yanu mu ndalama imene dona wanena. Tinene kuti mukufuna kuphunzitsa mavolontiya 40 kwa masiku 3. Holo ndi 60 pa tsiku, masiku 3 ndi 180. Chakudya ndi 8 pa munthu pa tsiku, koma apa ambiri amaiwala kuti odya si 40 ayi, aphunzitsi 2 ndi antchito a bungwe 2 nawonso adya, ndiye ndi anthu 44, kuchulukitsa masiku 3 ndi 8, ikukwana 1,056. Thiransipoti ya ophunzira ndi 5 pa tsiku kupita ndi kubwera, anthu 40 masiku 3, ndi 600. Aphunzitsi 2 pa 75 pa tsiku, ndipo muwawerengere masiku 4 osati 3 chifukwa tsiku limodzi ndi lokonzekera, ndi 600. Makope ndi zolembera 4 pa munthu, 160. Phatikizani zonse mupeza 2,596.

Nanga 404 yotsalayo inali ya chani? Simungayankhe, chifukwa 3,000 ija munangoiponya m'mutu poti imaoneka bwino. Owerenga mabajeti amazolowera zimenezi, akaona mizere yonse ikuthera m'mazilo atatu amadziwa kuti palibe amene anawerengera, ndipo akakayikira mzere umodzi amayamba kukayikira ina yonse, ngakhale imene munaiwerengera bwinobwino.

Mu nalativu mzere umenewu muulembe chonchi: "Maphunziro a mavolontiya 40, masiku 3, ntchito nambala 1.2 mu pulopozo, mwezi wachiwiri. Holo masiku 3 pa 60. Chakudya anthu 44 (ophunzira 40, aphunzitsi 2, antchito 2) masiku 3 pa 8." N'kupitiriza choncho mpaka pa 2,596. Kenako muonjezere chiganizo chimodzi chonena komwe mitengoyo yachokera, kaya ndi makotesheni amene munatenga, kaya ndi malisiti a maphunziro ofanana amene munachititsa chaka chatha, kaya ndi mlingo umene uli mu polise ya bungwe lanu. Komanso pomwe munthu angafunse kuti bwanji, yankhiranitu. Bwanji aphunzitsi 2? Poti ophunzira azigawidwa m'magulu awiri a anthu 20 pa nthawi yoyeserera. Basi, chiganizo chimodzi chakwana, simukufunika ndime yonse.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pa malipiro, ndipo ndi pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono. Mabungwe ang'ono amachita mantha kupempha salale, ena amaibisa m'mizere ina, ena amangolemba kuti kodineta 2,400 osanena kuti yabwera bwanji. Musabise, pulojekiti siyenda yokha. Chofunika ndi kuonetsa gawo la nthawi imene munthuyo azithera pa pulojekitiyi. Ngati kodineta amalandira 500 pa mwezi ndipo azigwira za pulojekitiyi masiku 2 mwa masiku 5 a sabata, imeneyo ndi 40 peresenti, ndiye 500 kuchulukitsa 40 peresenti kuchulukitsa miyezi 12 ndi 2,400. Mulembe zimenezo, ndipo munene zomwe azichita m'masiku awiriwo, monga kukonza maphunziro, kuyendera mavolontiya, kulemba malipoti. Mutchule udindo osati dzina, anthu amasiya ntchito. Ngati pali zina zimene bungwe limalipira pamwamba pa salale monga penshoni kapena inshuwalansi, ziikeni pa mzere wakewake ndi peresenti yomweyo ya 40, musazisakanize.

Chenjezo apa, musanalembe 40 peresentiyo yang'anani kuti madona ena akulipira kale zingati pa munthu yemweyo. Ndinaonapo bungwe lina lomwe kodineta wake anali 80 peresenti pa pulojekiti ina n'kumuikanso 40 pa yatsopano, munthu mmodzi 120 peresenti, ndipo zinadzatulukira pa oditi pamene anapempha mataimushiti, mapepala olembapo nthawi imene munthu wagwira ntchito. Sanali akuba ayi, mapulopozo awiriwo analemba anthu osiyana osafunsana, komabe ndalama yopitirirayo anabweza. Peresenti imene mwalemba ndi imene mudzaikire umboni, ndiye lembani imene mungaikwanitse.

Zida monga laputopu, musangoti ikufunika pa ntchito za ofesi, dona salipira ofesi yanu, akulipira pulojekiti. Nenani kuti aziigwiritsa ntchito ndani, pa ntchito iti, bwanji imene muli nayo singathandize, ndi kuti pulojekiti ikatha idzakhala kuti. Mtengo uchokere pa makotesheni, madona ambiri amafuna atatu, ndipo muwasunge mu fayilo ngakhale sanakupempheni.

Ndalama zoyendetsera bungwe, za lendi, magetsi, intaneti, akawuntanti, zili ndi njira ziwiri ndipo musankhe imodzi. Mwina muziike ngati peresenti imodzi pansi pa bajeti, kapena muzilembe mzere ndi mzere n'kufotokoza mmene mwagawira, mwachitsanzo pulojekitiyi ili ndi antchito 1 mwa 4 ndiye itenga kotala ya lendi. Cholakwika chofala ndi kuchita zonse ziwiri, lendi ili pa mzere wake kenako peresenti pansi imene nalativu ikuti ndi ya lendi ndi magetsi, apo mwalipiritsa kawiri. Mlingo wa peresentiyo umasiyana dona ndi dona, werengani malangizo awo. Mwachitsanzo malamulo a thandizo la boma la America amalola bungwe lomwe lilibe mlingo wogwirizana kale kutenga mpaka 15 peresenti kuyambira Okutobala 2024, kale inali 10, ndipo siwerengedwa pa bajeti yonse, zinthu zina monga zida zikuluzikulu zimachotsedwa kaye. Madona ena ang'onoang'ono salola n'komwe.

Mzere wa "zina ndi zina" uchotseni, ndi woyamba kudulidwa. Ngati mukudziwa kuti ndi machaji a ku banki, lembani machaji a ku banki, miyezi 12 pa mtengo wakuti. Ngati ndi ya zadzidzidzi, yang'anani kaye ngati dona amalola. Zimene bungwe lanu likuikapo lokha, monga holo imene mwapatsidwa ulere, zilembeni mu kolamu yake ndi mtengo wake, musaziphatikize pa zimene mukupempha.

Musanatumize, sindikizani zinthu zitatu, pulopozo, tebulo ndi nalativu, mupatse munthu amene sanalembe nawo, cholembera m'manja. Azitenga ntchito iliyonse mu pulopozo n'kufufuza mzere wake mu bajeti, kenako abwerere, mzere uliwonse aupezere ntchito yake. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti usiku womaliza munachepetsa ophunzira kuchoka pa 50 kufika pa 40 kuti bajeti ilowe m'malire a dona, tebulo la Excel linadzikonza lokha poti muli fomula ngati `=B4*C4*D4`, koma nalativu ikadali kunena 50 ndipo pulopozo pa tsamba lachitatu ikadali kulonjeza 50.