Mbaula M'kanyumba Kotseka: Zomwe Zinachitikira Mlonda wa Pampu

Kuno ku chigwa cha Shire timadziwika ndi kutentha, moti anthu a ku Dedza kapena ku Mzimba samakhulupirira tikamanena kuti nafenso timazizidwa. Koma munthu amene wachezerapo usiku m'mphepete mwa mtsinje mwezi wa Juni kapena Julayi, chiperoni chikuwomba, amadziwa kuti m'bandakucha kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Nthawi imeneyi ndi imene alonda a m'masikimu ndi a m'nkhokwe amalowetsa mbaula m'tinyumba tawo, ndipo ndikufuna ndifotokoze zomwe zinagwera mlonda wina wa pampu yothirira kufupi ndi Nchalo, chifukwa zomwe anachita ndi zomwe ambiri amaziyesa nzeru.

Kanyumba kake kanali ka njerwa, kofolera ndi malata, kotalika pafupifupi mamita awiri mbali zonse, ndipo kanali ndi kazenera kamodzi. Chifukwa cha udzudzu ndi mphepo, bamboyu anakhomerera thumba la feteleza pakazenerako, natsekera zisanza m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata. Usiku wa tsikulo anakoleza makala panja, nadikira mpaka utsi wonse utatha ndipo makala atafiira psuu, kenako analowetsa mbaula, natseka chitseko, n'kuyala chiguduli pansi pa chitsekocho. M'maganizo mwake, choopsa ndi utsi, ndipo utsi anali atausiya panja.

Patapita nthawi anayamba kumva mutu kugunda pamphumi ndi m'mbali. Iye anaganiza kuti ndi malungo, monga aliyense wa kuno angaganizire, ndipo anadziuza kuti kukacha apita kukayezetsa. Kenako unabwera mseru, ndipo atafuna kuimirira kuti akayendere pampu, miyendo inakana, chizungulire n'kumubweza pampando. Chomwe chinamupulumutsa ndi mnzake wolondera kumunda wa nyemba, amene anabwera kudzapala moto. Atagogoda osayankhidwa, anakankha chitseko, napeza mkuluyo atazyolika, masanzi ali pachifuwa. Anamukokera panja uku akumuitana kuti, "Achimwene, dzukani!" Patapita mphindi zingapo ali pamphepo, mlonda uja anatsegula maso, koma sankadziwa kuti ali kuti.

Chomwe chinamugwetsa ndi mpweya wotchedwa kaboni monokusaidi. Makala akamayaka pamalo a mphepo yokwanira, amatulutsa kwambiri mpweya uja timatulutsa ifenso popuma, koma pakati pa mulu wa makala, pomwe mphepo sifika bwino, pamapangika mpweya wa poizoniwu. M'kanyumba kotseka, moto umamaliza pang'onopang'ono okosijeni, ndipo okosijeni akamachepa, poizoni amapangika wochuluka, alibenso kotulukira. Apa ndi pamene pali msampha womwe ndikufuna kuti aliyense aumvetse. Utsi umaoneka, umanunkha, umalowa m'maso, ndipo umakakamiza munthu kutsegula chitseko. Kaboni monokusaidi alibe mtundu, alibe fungo, satsokomoletsa, ndipo makala ofiira bwino opanda utsi amapitiriza kumutulutsa mpaka atazimiratu. Kukwirira makala ndi phulusa kuti moto ukhalitse sikuchotsa vutoli, chifukwa kumangowamana mphepo uku akunyekabe.

Mpweyawu ukalowa m'mapapo, umakagwira himogulobini, yomwe ndi mbali ya magazi yonyamula okosijeni, ndipo umaigwira mwamphamvu kuposa okosijeni koposa maulendo 200. Tingayerekeze ndi bwato lowolotsa anthu pa Shire lomwe mwadzaza anthu okana kutsika: bwato likuyenda ndithu, koma oyenera kuwoloka akutsala pagombe. Ubongo ndi mtima ndi zomwe zimayamba kuvutika. Sipafunika wambiri, pakuti magawo awiri okha a mpweyawu pa magawo 1,000 a mpweya wa m'chipinda angathe kupha munthu pasanathe maola awiri. Choipa kwambiri n'chakuti umafooketsa miyendo ndi kusokoneza maganizo nthawi imodzi, kotero kuti pamene munthu akufunika kuthawa, nzeru ndi mphamvu zothawira zimakhala zitachoka. Wogona tulo, makamaka ngati wamwako mowa kuti afunde, samva chizindikiro chilichonse.

Kusiyanitsa ndi malungo n'kotheka ngati tifunsa mafunso oyenera. Kodi mutu unayamba mbaula ili m'nyumba? Kodi ukupepuka munthu akatuluka panja? Kodi onse ogona m'chipindamo adwala nthawi imodzi? Poizoniyu kawirikawiri satenthetsa thupi, pamene malungo amabwera ndi kutentha ndi kunjenjemera. Komabe kuno kwathu zonse ziwiri zingathe kukhalapo, choncho kuyezetsa malungo kusalekedwe, koma mbaula ichotsedwe kaye.

Mnzake wa mlonda uja anachita bwino kumutulutsa, koma panatsala pang'ono kuti alakwitse, chifukwa anthu atasonkhana, ena anati amwetsedwe mkaka, ena anati agone kwawo poti watsitsimuka. Mkaka suchotsa poizoni amene ali m'magazi, ndipo kumwetsa chilichonse munthu wosazindikira bwino kungamutsamwitse. Choyenera ndi kutsegula chitseko chonse, kumutulutsa msanga popanda wopulumutsayo kuchedwa m'katimo, kumugoneka chammbali kuti masanzi asalowe kukhosi, kumufunditsa, ndi kupeza galimoto kapena njinga yamoto. Asayende yekha wapansi, chifukwa mtima wake uli kale pa ntchito yaikulu. Ngati sakupuma, wina ayambe kutsindika pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, osaleka mpaka thandizo litapezeka.

Chifukwa chothamangira kuchipatala ndi okosijeni. Munthu akamapuma mpweya wamba, pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoni lichoke m'magazi, koma akaikidwa pa okosijeni weniweni, pamatenga pafupifupi ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Operekeza wodwala anene momveka kuti anali m'nyumba yotseka muli mbaula, chifukwa kachipangizo kopana chala kamene amayezera okosijeni kamanamizidwa ndi poizoniyu, n'kuonetsa ngati zonse zili bwino. Mayi woyembekezera, mwana wakhanda, munthu wochepa magazi ndi wodwala mtima apite ngakhale zizindikiro zili zochepa. Achibale aziyang'anirabe wodwalayo kwa milungu ingapo, popeza ena amayamba kuiwalaiwala, kusintha khalidwe kapena kudzandira masiku atapita, ndipo otere abwerere kuchipatala.

Ineyo sindikhulupirira malangizo akuti ingosiyani kampata pazenera, chifukwa palibe amene angayeze ndi maso kuti kampata kokwanira ndi kati, ndipo mphepo ikaleka usiku, mpweya suyendanso. Mbaula ikhale panja kapena pakhonde lotseguka mbali, munthu aothe pomwepo, ndipo akafuna kulowa, alowe yekha. Makala otsala azimitsidwe ndi madzi kapena mchenga panja pomwepo. Makomiti a masikimu ndi eni nkhokwe ali ndi gawo lawo, chifukwa mlonda salowetsa moto mwachibwana, koma chifukwa wazizidwa ndiponso udzudzu wamuvutitsa. Jekete lokhuthala, bulangete, chipewa ndi waya wa udzudzu pazenera zimathetsa zifukwa zonse ziwiri.

Mlonda uja anagonekedwa m'chipatala usiku umodzi ali pa okosijeni, ndipo mutu unamuwawabe kwa masiku angapo. Atabwerera kuntchito, anazula thumba lija pakazenera, nachotsa zisanza zonse pansi pa malata, ndipo komiti inamumangira kachisakasa ka udzu kotchinga mbali imodzi yokha yochokera mphepo. Mbaula yake tsopano imakhala pamenepo, ndipo iye ndi mnzake uja anagwirizana kuti aziitanana ndi wenzulo kawiri usiku uliwonse, ndipo wosayankha azimulondola.