Kuwerengera oonera tchanelo pamene vidiyo imodzi yafalikira kwambiri

"Ndili ndi tchanelo cha ulimi kuno ku Chipata, koma avereji ya oonera ikuposa zimene ndimaona masiku onse. Ndiwerengere motani?"

Tiyerekeze kuti mavidiyo anu asanu anaonedwa ka 300, 350, 400, 450 ndi 20,000. Mukaphatikiza mupeza 21,500, ndipo mukagawa pasanu avereji ikhala 4,300, chiwerengero chimene mavidiyo anayi aja sanachiyandikire n'komwe, chifukwa vidiyo imodzi yofalikirayo yakokera zonse m'mwamba.

Choncho ndandalikani ziwerengerozo kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu, kenako tengani chapakati, chomwe chimatchedwa midiyani. Pano ndi 400, ndipo sichingasinthe ngakhale vidiyo ija itafika pa 200,000. Mavidiyo akakhala asanu ndi imodzi, phatikizani ziwerengero ziwiri zapakati n'kugawa pawiri. Chonde yerekezani mavidiyo amene akhala pa tchanelo nthawi yofanana, popeza yatsopano imakhala isanapeze oonera ake onse.