Momwe mungaonere ngati chiganizo cha "-dwa" chaumbidwa bwino, ndi pomwe ndi bwino kungochisiya

Ndakhala ndikukonza makalata, malipoti ndi zidziwitso za anthu ena kwa zaka zingapo ndithu, ndipo palibe kachidutswa ka mawu kamene kandidyera nthawi ngati -dwa wa kumapeto kwa mneni uja: kulembedwa, kumangidwa, kuitanidwa. Kusukulu timautcha msintho wochitidwa. Mfundo yake sindiifotokoza, mukuidziwa kale: chimene chachitidwacho chimabwera kutsogolo, wochitayo n'kupita kumapeto kapena kusowa kumene. "Mlembi analemba kalata" chimasanduka "Kalata inalembedwa ndi mlembi." Chimene ndikufuna kukuonetsani ndi mmene ine ndimayendera pachiganizo chotere ndikachipeza patsamba.

Ndimayamba ndi mchira wa mneni. Ulipo wa mitundu iwiri, -idwa ndi -edwa, ndipo chimene chimasankha ndi lembo la liwu lomaliza la m'tsinde. Likakhala a, i kapena u, mumaika -idwa: kumanga, kumangidwa, kusiya, kusiyidwa, kufunsa, kufunsidwa. Likakhala e kapena o, mumaika -edwa: kulemba, kulembedwa; kutola, kutoledwa. Aneni afupiafupi aja amatenga -edwa: kuba, kubedwa, kupha, kuphedwa, kumva, kumvedwa. Khutu la munthu wobadwira m'chinenerochi sililakwa apa, choncho musatayepo nthawi. Ndingochenjeza za timanotsi tojambulidwajambulidwa timene anthu amagulitsa kwa ana okonzekera mayeso, topanda dzina la wolemba. Ndinaonapo kena kakunena kuti muziyang'ana lembo la liwu loyamba. Mwana wotsatira zimenezo adzalemba "kutseguledwa", pamene aliyense amati kutsegulidwa, chifukwa cha u wa mu -gul- uja. Aliponso aneni ena odula njira, monga kugwira amene amapereka kugwidwa, ndi kukwatira amene amapereka kukwatiwa. Amenewo mungowadziwa basi.

Kenako ndimayang'ana kumutu kwa mneni. Popeza mwininkhani wasintha, mgwirizanitsi nayenso asinthe: kalata inalembedwa, makalata analembedwa, chikalata chinalembedwa, lipoti linalembedwa. Vuto limabwera m'ziganizo zazitali, pamene wolemba wafika pamneni atayiwala dzina limene anayamba nalo. "Mndandanda wa mabuku onse amene tinagula anatumizidwa dzulo." Chatumizidwa n'chiyani, mabuku kapena mndandanda? Ngati ndi mndandanda, lembani "unatumizidwa". Onaninso kuti m'kati mwa mneni musatsale kachidutswa koloza pamtherankhani. Timati "anailemba kalatayo", koma -i- ameneyo sangakhale limodzi ndi -edwa. "Kalata inailembedwa" si Chichewa.

Tsopano pamene ndinapsa ine.

Chaka china ndinali mlembi wa kagulu kena, ndipo m'mawa wina ndinalandira uthenga woti akuba alowa m'nyumba ya msungichuma wathu usiku n'kutenga chikwama chimene munali ndalama za gulu. Ndinafulumira kudziwitsa mamembala palamya. Ndinalemba kuti: "Ndi chisoni ndikudziwitseni kuti msungichuma wathu wabedwa usiku wathawu." Ndinawerenganso kamodzi, mchira uli bwino, mutu uli bwino, n'kutumiza. Sipanathe mphindi 10 lamya inayamba kulira. Mayi wina anaimba akunjenjemera mawu, kufunsa ngati achiwembuwo anena kumene apita naye. Pamene ndinkayankha, mwiniwake wobedwayo anali atakhala pampando pafupi nane, akulemba mndandanda wa zimene zasowa.

Chiganizo changa chinali chopanda banga pa malamulo, koma chinkanena zina. Mneni wakuti kuba amatenga chinthu chimodzi, chobedwacho. Mukamuika -edwa, amene wakhala kutsogoloyo ndiye wanyamulidwa. Ndalama zabedwa, chikwama chabedwa. Munthu akabedwa ndiye kuti amutenga iye amene. Kuti mulowetse munthu amene zamuchitikira, mneni amayamba walandira -er- wa msintho wochitira: akuba amubera ndalama. Pamenepo ndi pomwe -edwa amabwera, pambuyo pake: waberedwa. "Msungichuma wathu waberedwa ndalama." Malembo awiri okha, r ndi e, ndiwo anasiyanitsa kuba ndi kusowetsa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kayesedwe kamene sindikadumpha. Chiganizo chilichonse cha -dwa ndimachibweza kumene chinachokera, n'kuona ngati chikunena zimene ndimafuna. "Wabedwa" abwerera ku "amuba". "Waberedwa" abwerera ku "amubera". Ndikanatero m'mawa uja, "akuba amuba msungichuma" chikanandidzidzimutsa ndisanatumize. Yesani ndi ena: "mkulu anawerengedwa" ndi "anamuwerenga", ngati mmodzi pakaundula, pamene "mkulu anawerengeredwa kalata" ndi "anamuwerengera". "Mwana anagulidwa" ndi nkhani ya kupolisi. "Mwana anaguliridwa nsapato" ndi nkhani yosangalatsa.

Pali mbali ina ya nkhani yomweyi imene imakola ngakhale olemba ozolowera. Mneni akakhala ndi zinthu ziwiri, munthu wolandira ndi chinthu cholandiridwa, Chichewa chimalola wolandirayo yekha kubwera kutsogolo. "Mphunzitsi anapatsa mwana buku" chimapereka "Mwana anapatsidwa buku." Mukayesa kutembenuza mbali inayo, "Buku linapatsidwa mwana", khutu limakana, chifukwa zikumveka ngati buku ndilo lalandira mwana. Katswiri wa chinenerochi Sam Mchombo analemba za khalidwe limeneli, ndipo zinenero zina zachibale, monga Kinyarwanda, zimalola mbali zonse ziwiri pamene chathu chimakana. Anthu ambiri amathawira ku "Buku linapatsidwa kwa mwana", chimene mumachiona kawirikawiri m'zolemba zomasuliridwa. Ine ndimachisintha nthawi zonse, popeza mneni woyenera alipo kale: kupereka. "Buku linaperekedwa kwa mwana." Kupatsa kumafuna munthu, kupereka kumafuna chinthu. N'chimodzimodzi "Kalata inalemberedwa mkulu": nenani kuti mkulu analemberedwa kalata, kapena kuti kalata yopita kwa mkulu inalembedwa.

Mukadutsa pamenepo, yang'anani "ndi". Kamawu kameneka kamanyamula katundu wambiri: kamaloza wochita, kamaloza chida, kamalumikizanso mayina. "Anavulazidwa ndi mlonda" ndi "anavulazidwa ndi ndodo" zonse n'zolondola, koma mukaziphatikiza mumapeza "anavulazidwa ndi mlonda ndi ndodo", ngati kuti mlonda ndi ndodo anapangana. Choipa kwambiri ndi ichi: "Woyang'anira anafunsidwa mafunso ndi mlembi." Kodi mlembi ndiye ankafunsa, kapena onse awiri anakhala pampando wa ofunsidwa? Owerenga ambiri atenga tanthauzo loyambalo, koma mu lipoti la mlandu "ambiri" sakwanira. Lembani "Mlembi anamufunsa mafunso woyang'anira", kapena "Woyang'anira ndi mlembi anafunsidwa mafunso."

Musasokonezenso -dwa ndi mbale wake -ka wa msintho wochitika. "Galasi linasweka" chimangonena mmene zinthu zilili, sichifuna wochita. "Galasi linaswedwa" chimanena kuti pali dzanja la munthu, ngakhale simunamutchule. N'chifukwa chake "linasweka ndi mwana" sichimveka, pamene "linaswedwa ndi mwana" chili bwino. Mphepo kapena kutentha zimatha kulowa, monga "nthambi inathyoka ndi mphepo", popeza zimenezo ndi zifukwa chabe, sizichita mwadala. Kachidule kanga: ikani "mwadala" kumapeto. Akalowa bwino, mukufuna -dwa.

Zonsezi zikakhala bwino, chiganizo chaumbidwa molondola. Funso lotsala ndi lakuti: kodi munthu angayankhule choncho?

Tengani chidziwitso ichi, chofanana ndi zambiri zimene ndakonzapo: "Mamembala onse akudziwitsidwa kuti zinaganiziridwa ndi komiti kuti msonkhano umene unayenera kuchitidwa Lachisanu uimitsidwe, ndipo tsiku lina lidzalengezedwa." Palibe lamulo limene laswedwa. Koma muli -dwa asanu m'mpweya umodzi, ndipo muyenera kufika pakati kuti mudziwe amene waganiza. Chiwerengeni mokweza, mumva lilime likulemera. Ine ndinganene kuti: "Tikudziwitsa mamembala onse kuti komiti yaimitsa msonkhano wa Lachisanu. Tidzalengeza tsiku lina." Nkhani yomweyo, mawu ochepa.

Chimene olemba ambiri amaiwala n'chakuti Chichewa chili ndi njira yake yobisira wochita popanda -dwa. Timangoika a- wa "anthu" osatchulidwa: "Msonkhano uja auimitsa." "Mlandu uja auweruza." "Wakuba uja amugwira." Chinthu chikadali kutsogolo, wochita sanatchulidwe, koma chiganizo chikuyenda ndi miyendo yake. Pocheza ndi momwe timanenera nthawi zambiri. M'chikalata cha boma kapena cha khoti a- ameneyu amatha kumveka wopepuka, ndiye pamenepo -dwa ali ndi malo ake.

Kwina kumene ndimachotsa osaganiza kawiri ndi pamene wochita ndi ine, iwe kapena ife. "Lipotili linalembedwa ndi ine" silolakwa, koma ndani amatero? "Ndinalemba lipotili", kapena, pofuna kutsindika, "Lipotili ndinalemba ndine." Ndimakayikiranso -dwa amene wabwera kudzaphimba munthu: "Ndalama zinagwiritsidwa ntchito molakwika." Ngati wolembayo akudziwa amene anazigwiritsa ntchito, ndimamubwezera pepala ndi funso limodzi m'mphepete: ndani?

Koma musachite ngati okonza zolemba ena olipidwa, amene amangosesa -dwa aliyense kuti aoneke kuti agwira ntchito. Wina anasinthapo "Mwanayo anabadwa usiku, anasambitsidwa, n'kugonekedwa pafupi ndi mayi ake" n'kulowetsamo anamwino paliponse, mpaka ndime yonena za mwana inasanduka ndime ya anamwino. Ndime ikamatsata munthu mmodzi, -dwa ndi amene amamusunga kutsogolo. Musiyeninso pamene wochita sakudziwika, monga "zenera linaswedwa usiku", kapena pamene aliyense akumudziwa kale, monga "anamangidwa Lolemba".

Zotsalazo n'zazing'ono. Aneni opanda chochitidwa, monga kugwa kapena kufika, musawakakamize -dwa. Pambuyo pa e ndi i lembani r, pambuyo pa a, o ndi u lembani l: kuberedwa, kutoledwa. Makina oyang'anira kalembedwe m'lamya musawadalire pa izi. "Wabedwa" wanga uja anadutsa wopanda kamzere kofiira.