Osadalira kuthamanga kokha ngati tsiku lonse mumakhala pampando

Gawo lalikulu la mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito pa tsiku, pafupifupi 60 mpaka 70 peresenti, limathera pa kupuma, kugunda kwa mtima ndi ntchito ya ubongo ndi chiwindi, ngakhale munthu atagona osagwedezeka. Kugaya chakudya kumatenga pafupifupi 10 peresenti, ndipo nyemba, usipa ndi mazira zimafuna mphamvu zambiri pogayidwa kusiyana ndi mafuta.

Gawo limene mungalisinthe lero lomwe ndi la mayendedwe wamba, monga kusesa, kuchapa ndi manja ndi kupita kumsika wapansi. Munthu wolemera makilogalamu 70 amawotcha mphamvu zokwana makalori pafupifupi 300 akathamanga mphindi 30, koma akabwerako n'kukhala pansi tsiku lonse chifukwa cha kutopa, gawo la phindulo limatayika osadziwa. Choncho mukathamanga m'mawa, masana muziimirirabe ndi kuyendayenda monga kale.