Malo a golide pa chuma chimene banja lasunga

Mabanja amene asunga ndalama pang'ono amafunsa ngati n'kwanzeru kugula golide, makamaka pamene kwacha ikugwa. Malangizo anga ndi akuti golide angakhale ndi malo, koma malo ake akhale ochepa, ndipo agulidwe pambuyo pake banja litabweza ngongole za chiwongoladzanja chachikulu ndiponso litapatula ndalama zokwanira kudyera miyezi ingapo.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti golide sabereka. Ndalama zobwereketsa boma zimabweretsa chiwongoladzanja, masheya amabweretsa gawo la phindu la kampani, nyumba imabweretsa lendi, koma golide amene mwagula lero adzakhala wolemera chimodzimodzi patapita zaka 20. Phindu lake limadalira kuti munthu wina adzamugule pa mtengo wokwererapo, ndipo nthawi zina kudikirako kumatalika. Mu Januwale 1980 mtengo unafika madola 850 pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1, kenaka unatsika mpaka pafupifupi madola 250 mu 1999, ndipo sunabwerere pa 850 kufikira 2008. Amene anagula pachimake anadikira zaka 28, mitengo ya zinthu ikukwera nthawi yonseyo.

Pa nthawi ya mavuto khalidwe la golide limadabwitsa ambiri, chifukwa kawirikawiri amayamba watsika kaye. Mu Malichi 2008 anali pafupifupi madola 1,000, koma mabanki akuluakulu a ku America atayamba kugwa anatsika kufika chapafupi ndi madola 700 chakumapeto kwa chaka chomwecho. Chifukwa chake n'chakuti anthu ndi makampani amene ali ndi ngongole zofunika kubwezedwa msanga amagulitsa chimene chikupeza wogula mosavuta, ndipo golide amagulika tsiku lililonse. Mabanki aakulu a maiko atatsitsa chiwongoladzanja, mtengo unakweranso mpaka pafupifupi madola 1,900 mu Seputembala 2011. Zinabwerezanso mu 2020, pamene golide anatsika mu Malichi mliri wa Covid-19 utavuta, koma pofika Ogasiti anali atadutsa madola 2,000. Banja limene likanakakamizika kugulitsa m'masabata oyambirirawo likanaluza, n'chifukwa chake ndalama zothandizira pa ngozi zisaikidwe mu golide.

Tiyese ndi ziwerengero za 2008, pamene masheya a makampani akuluakulu a ku America anatsika ndi 37 peresenti, golide n'kutseka chaka atakwera pang'ono, tinene 4 peresenti. Banja lokhala ndi K10 miliyoni yonse m'masheya likanatsala ndi K6.3 miliyoni. Likanakhala kuti K1 miliyoni linaiika mu golide, likanatsala ndi pafupifupi K6.7 miliyoni. Kusiyana kwa K400,000 si kochepa, komabe banjalo likanaluzabe gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake. Golide amachepetsa ululu wa kugwa kwa msika, saulepheretsa. Ine ndimalangiza kuti asapitirire 10 peresenti ya chuma chosungidwa, ndipo akakwera mtengo n'kudutsa mlingo umenewo, agulitsidweko kamodzi pachaka.

Kwa ife chitetezo chachikulu cha golide chili pa kugwa kwa ndalama yathu, popeza mtengo wake umawerengedwa mu madola. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Aunsi ya madola 2,000 inachoka pa K2,360,000 kufika pa K3,400,000 ngakhale mtengo wa kunja sunasinthe. Zindikirani komabe kuti apa chimene chinateteza munthu ndi dola, ndipo golide anali chabe njira yofikira ku dolayo.

Vuto lenileni lili pa kagulidwe. Golide wa fumbi kapena timiyala tochokera kwa okumba m'midzi sangadziwike ndi maso kuti ndi weniweni kapena wosakanizidwa ndi mkuwa, ndiponso malonda ake amafuna chiphaso cha boma, choncho banja lisalowemo. Wogulitsa amene akutchula mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika wa dziko lonse, kapena amene akukana kuti katunduyo akayezedwe, achokereni msanga. Mphete ndi mikanda nazo si njira yabwino yosungira chuma, chifukwa pogula mumalipira ntchito ya mmisiri, pamene pogulitsa amakulipirani kulemera kwa golide yekha, ndipo chinthu cha makarati 18 chili ndi golide 75 peresenti basi. Abale athu okhala ku South Africa ali ndi mwayi wa makobili a Krugerrand, amene akhala akupangidwa kuyambira 1967 ndipo lodziwika kwambiri limakhala ndi aunsi imodzi ya golide. Ngakhale pamenepo, musanapereke ndalama funsani wogulitsayo mtengo umene angakugulireni kobililo tsiku lomwelo, muonjezepo ndalama zolisungira pamalo otetezeka, kuti mudziwe kuti golide ayenera kukwera ndi zingati musanayambe kuona phindu.