Momwe mungasiyanitsire mawu a anthu pa zokambirana zojambulidwa ndi kulemba kuti ananena ndani

Munthu akapatsidwa fayilo ya zokambirana za anthu anayi kapena asanu kuti ailembe papepala, nthawi zambiri amayamba pomwepo kumvetsera ndi kulemba mayina, kenaka akafika pakati amazindikira kuti amuna awiri omwe ankawayesa munthu mmodzi ndi anthu osiyana. Vuto limeneli limadza chifukwa chosakaniza ntchito ziwiri zomwe zimafunika kugwiridwa padera. Ntchito yoyamba ndi kudziwa kuti liwu ili ndi losiyana ndi ilo, ndipo yachiwiri ndi kudziwa dzina la mwini liwulo. Njira yomwe ndifotokoze pano imamaliza yoyambayo isanakhudze yachiwiri, ndipo ndigwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Audacity, ngakhale kuti mfundo zake zimagwira pa pulogalamu iliyonse yomwe imalola kuika zizindikiro pa mawu ojambulidwa.

Choyamba: onani mmene mawuwo anajambulidwira

Musanamvetsere chilichonse, sungani fayilo yoyambirira pamalo ena ndipo muzigwirira ntchito pa kope lake. Mukatsegula kopelo, yang'anani ngati mafunde a mawu akuoneka m'mizere iwiri, wakumanzere ndi wakumanja. Ngati mizereyo ikusiyana maonekedwe, muli ndi mwayi, chifukwa zikutanthauza kuti anthu omwe anakhala mbali imodzi ya chojambulira akumveka kwambiri mumzere umodzi kusiyana ndi winawo. Pa menyu ya mzerewo pali lamulo la Split Stereo Track lomwe limalekanitsa mbali ziwirizi kuti muzitha kumvetsera iliyonse payokha. Ngati mizereyo ikufanana ndendende, kapena ngati ulipo umodzi wokha, malo omwe munthu anakhala sadzakuthandizani kwenikweni, ndipo mudzadalira khutu ndi zomwe zikunenedwa.

Valani mahedifoni ophimba makutu onse awiri, pakuti sipika ya laputopu imameza mawu a besi omwe nthawi zina ndiwo amasiyanitsa amuna awiri. Ndikuchenjezeninso za kuchotsa phokoso. Lamulo la Noise Reduction likagwiritsidwa ntchito mopitirira muyeso limachititsa mawu kumveka ngati akuchokera m'chitini, ndipo limafufuta tinthu tating'ono monga kapumidwe ndi kusasa kwa pakhosi, timene mudzatifune kwambiri kutsogoloku. Ndi bwino kupirira kaphokoso ka fani kusiyana ndi kutaya zizindikiro zimenezi.

Chachiwiri: pezani chitsanzo chodalirika cha liwu lililonse

Zokambirana zambiri zimayamba ndi wotsogolera kutchula alendo mmodzimmodzi, ndipo aliyense amayankha moni kapena kunena mawu oyamba. Mphindi zoyambirirazi ndi zamtengo wapatali kuposa zina zonse, chifukwa ndi pamene dzina ndi liwu zimakumana popanda chikayiko. Pa munthu aliyense, sankhani kachigawo ka masekondi 10 mpaka 20 pamene akulankhula yekha popanda womudula, dinani Ctrl+B, ndipo lembani chizindikiro chachifupi. Wotsogolera mupatseni W, ndipo alendowo muwapatse A, B, C ndi D malinga ndi ndondomeko yomwe ayambira kulankhula. Mayina awo alembeni papepala lapadera pafupi ndi zilembozi, osati m'zizindikiro zenizenizo, kuti mukadzapeza kuti munasinthanitsa mayina awiri mudzangokonza mzere umodzi papepalalo m'malo mokonza malo 200.

Papepala lomwelo lembani zomwe khutu lanu lagwira pa munthu aliyense. Kukwera kapena kutsika kwa liwu kumathandiza posiyanitsa amuna ndi akazi, popeza liwu la mwamuna wamkulu nthawi zambiri limakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, womwe ndi muyeso wa kukwera kwa liwu, pomwe la mkazi limakhala pakati pa 165 ndi 255 Hz, koma pakati pa amuna awiri kapena akazi awiri chizindikiro chimenechi n'chosadalirika, chifukwa munthu akapsa mtima kapena akamaseka liwu lake limakwera. Zomwe sizisintha msanga ndi zizolowezi: mawu omwe munthu amadzazira mpata akamaganiza, mmene amakokera mpweya asanayambe chiganizo, ngati amatsitsa liwu kumapeto kwa chiganizo kapena amalisiya m'mwamba, ndiponso kutalikirana kwake ndi maikolofoni. Ngati mungathe, pezani chitsanzo chachiwiri cha munthu aliyense kuchokera pakati pa mkangano, chifukwa liwu lopereka moni ndi liwu lotsutsa mnzake sizimveka chimodzimodzi.

Chachitatu: ikani malire musanalembe mawu

Tsopano mvetserani fayilo yonse kuyambira poyamba, osalemba zomwe zikunenedwa, koma kungoika chizindikiro paliponse pamene liwu lasintha. Mawu akusewera, Ctrl+M imaika chizindikiro pamalo pomwe mwafika popanda kuimitsa. Pamene muli ndi chitsimikizo lembani chilembo cha munthuyo, ndipo pamene mukukayika lembani chilembo chomwe mukuganizira ndi chizindikiro cha funso, monga C?, n'kupitirira. Musaime kulimbana ndi malo okayikitsa paulendo woyambawu, chifukwa khutu limazolowera anthuwo pang'onopang'ono, moti malo omwe anakuvutani pa mphindi ya 8 amakhala osavuta mukawabwereranso mutamvetsera ola lathunthu.

Pamene anthu awiri akulankhula nthawi imodzi, musakakamize kuti nthawiyo ikhale ya munthu mmodzi. Onjezani mzere wachiwiri wa zizindikiro kudzera pa Tracks, Add New, Label Track, ndipo wolowererayo mumuike m'menemo. Timawu tovomereza monga "ee" kapena "zoona", tomwe omvetsera amaponya mnzawo akulankhula, musativutikire pokhapokha ngati kuvomerezako kuli ndi tanthauzo pa nkhaniyo, mwachitsanzo pamene munthu wavomera mlandu womwe mnzake akumuneneza.

Chachinayi: bwererani ku malo okayikitsa ndi umboni

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, choncho tiyeni titenge chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti fayilo ndi ya mphindi 52, muli wotsogolera ndi alendo anayi, ndipo awiri mwa iwo, B yemwe ndi dokotala ndi C yemwe ndi mphunzitsi, ndi amuna a mawu a besi ofanana kwambiri. Pa 23:10 wotsogolera akufunsa kuti, "Adokotala, inu mukuti bwanji pamenepa?" Pakudutsa masekondi awiri, kenaka liwu la mwamuna likulankhula kwa masekondi pafupifupi 20, likuima pang'ono, ndipo liwu la mwamuna likupitiriza kwa mphindi yathunthu. Aliyense wofulumira angalembe zonsezi pa B, popeza ndiye wafunsidwa, ndipo umu ndi mmene mawu a munthu wina amaikidwira m'kamwa mwa mnzake. Kuitanidwa ndi dzina si umboni wakuti woitanidwayo ndiye wayankha.

Yambani ndi kuyerekeza. Sewerani masekondi asanu a chigawo chokayikitsacho, nthawi yomweyo sewerani chitsanzo cha B, kenaka chigawocho kachiwiri, kenaka chitsanzo cha C. Khutu silisunga kamvekedwe ka liwu kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake kuyerekezaku kuyenera kuchitika motsatizana popanda mpata. Mukatero yang'anani mbali: tinene kuti pa chitsanzo chake B amamveka kwambiri kumanzere pomwe C amamveka kumanja, ndipo masekondi 20 oyamba aja akulemera kumanja. Onaninso papepala lanu, pomwe munalemba kuti C amakonda kuyamba ndi mawu akuti "kunena zoona", ndipo chigawochi chayamba choncho. Pomaliza mvetserani zomwe zikutsatira. Liwu lomwe likupitiriza pambuyo pa kampata kaja likuyamba ndi kunena kuti, "Zikomo aphunzitsi pondithandiza, koma ine ndikuona mosiyana." Chiganizo chimenechi chikutseka nkhani, pakuti chikusonyeza kuti woyambayo anali C, yemwe analowerera, ndipo dokotala wayamba kulankhula pa 23:41.

Lamulo lomwe ine ndimatsatira ndi lakuti chizindikiro cha funso ndimachichotsa pokhapokha pali maumboni awiri osadalirana, ndipo umodzi mwa iwo usakhale kamvekedwe ka liwu kokha. Umboni wa mbali nawo uli ndi malire ake: ngati alendowo ankapatsirana maikolofoni imodzi, kapena wina anatembenuka kuyang'ana mnzake, kulemera kwa kumanzere ndi kumanja kumasintha. Chenjeraninso ndi munthu yemwe akubwereza mawu a mnzake pofuna kuwatsutsa. Dokotala akanena kuti "mwati vutoli ndi la makolo", mfundo yakuti vutoli ndi la makolo si yake, ndipo mukadula chiganizocho pakati mudzamunamizira kunena chinthu chomwe ankachikana.

Ena amachedwetsa mawu kuti amve bwino. Izi zimathandiza kumva mawu omwe anenedwa mothamanga, koma chida cha Play-at-Speed chikachedwetsa mawu chimatsitsanso liwu, kotero kuti mkazi amayamba kumveka ngati mwamuna. Pofuna kuzindikira munthu, mvetserani pa liwiro lenileni.

Chachisanu: tulutsani zizindikiro ndi kuika mayina

Mukatulutsa zizindikirozo ndi lamulo la Export Labels, mumalandira fayilo ya malemba yomwe mzere uliwonse uli ndi nthawi yoyambira, nthawi yothera, zonse m'masekondi, ndi chilembo chanu. Chigawo chomwe tachitsata chija chingaoneke motere:

```
1390.000000	1396.000000	W
1398.000000	1419.500000	C
1421.000000	1483.000000	B
```

Nambala ya 1390 ndi mphindi 23 kuchulukitsa ndi 60, kuwonjezapo masekondi 10. Zizindikiro zomwe munaika ndi Ctrl+M zimatuluka ndi nthawi yoyambira ndi yothera zofanana, pokhapokha mutazitambasula pokoka m'mphepete mwake. Fayiloyi ndi msana wa zolemba zanu: pansi pa mzere uliwonse lembani mawu omwe ananenedwa, ndipo mayina enieni muwalowetse pomalizira penipeni kuchokera papepala lija, mutatsimikiza kalembedwe kake ndi maudindo pa ndondomeko yolembedwa ya zokambiranazo kapena kwa omwe anazikonza.

Musanatumize, werengani mawu a munthu mmodzi yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kudumpha ena onse. Ngati C wakhala akuikira kumbuyo mfundo ina kwa mphindi 40 kenaka mwadzidzidzi akuoneka akuitsutsa popanda chifukwa, mwina anasinthadi maganizo, koma kawirikawiri ndiye kuti ndime imeneyo ndi ya munthu wina ndipo muyenera kuimvetseranso. Malo omwe akanikabe musawaphimbe ndi dzina longoganizira. Lembani kuti "wolankhula wosadziwika" pamodzi ndi nthawi yake, monga 37:05, kuti mkonzi kapena munthu yemwe analipo pa zokambiranazo adzathe kupita pomwepo n'kumvetsera yekha, ndipo mawu a pamalo otere musawagwiritse ntchito m'nkhani ngati mawu a munthu wotchulidwa dzina mpaka mwini wake atawavomera.