Kalembedwe ka akita ya msonkhano wokambirana nkhani ya mwana: ndani achite chiyani, pofika liti

Ndakhala ndikulemba akita pa misonkhano yokambirana nkhani za ana kuno ku Angoniya, m'dziko la Mozambique, kwa zaka zingapo. Anzathu a ku Dedza amati maminitsi, ife timati akita, koma chinthu chake ndi chimodzi. Ndikunena msonkhano uja woti patebulo limodzi pakhala namwino, wa ofesi yosamalira anthu, wapolisi woona za mabanja ndi ana, mphunzitsi wamkulu, ndipo nthawi zina amfumu, onse akukambirana za mwana mmodzi. Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mtsikana wa zaka 15 amene anamulowetsa m'banja ali ndi pakati. Lamulo nambala 19 la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndiye nkhani yotere imakhudza maofesi onsewa nthawi imodzi.

Choyamba, konzani buku msonkhano usanayambe

Gulani buku la chikuto cholimba, losokedwa ndi ulusi, ndipo mulembe manambala pa masamba onse musanaligwiritse ntchito. Mabuku otchipa omata ndi guluu amene amagulitsa pamsika amathothoka masamba mvula ikangoyamba, ndipo tsamba limodzi likasowa m'buku la akita anthu amayamba kukayikirana. Bolopeni ikhale yabuluu kapena yakuda, yodziwika bwino. Ndinagulapo bokosi lathunthu kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja chifukwa mtengo unali theka, koma patatha miyezi inayi zolemba zinali zitayezuka ngati zakhala padzuwa.

Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, malo, nthawi yoyambira ndi nambala ya nkhani. Dzina la mwana musalembe, ngakhale la mudzi wake. Nambala ndi yokwanira, ndipo pepala lolumikiza nambalayo ndi dzina likhale mu fayilo yokiyidwa. Pansi pake mayina a amene abwera, udindo ndi foni. Siyaninso mizere iwiri ya amene anaitanidwa koma sanabwere. Mizere imeneyi mudzaifuna.

Chachiwiri, musalembe zonse zimene anthu alankhula

Olemba ambiri atsopano amathamangitsa cholembera kuti agwire mawu a aliyense, mpaka masamba anayi. Zokambirana zimakwana m'ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi: mwana ali kuti lero, akukhala ndi ndani, chimene chachitika kale, ndi choopsa chimene chilipo. Ngati anthu asiyana maganizo lembani mwachidule, mwachitsanzo kuti amfumu akufuna mwana atsale kwa azakhali ake pamene wa ofesi yosamalira anthu akuona kuti pamenepo mwamuna uja amafikapo. Zachipatala zimene sizikukhudza chigamulo, monga zotsatira za magazi, zitsale kuchipatala. Mphunzitsi ndi amfumu alibe nazo ntchito.

Chachitatu, zogwirizana. Apa ndi pamene ndinagwera

Pa nkhani ya mtsikana uja, msonkhano unayenda bwino kwambiri. Aliyense anagwedeza mutu, ndipo ine ndinalemba mizere itatu imene ndimaikumbukira mpaka lero:

Mwana akapimidwe kuchipatala ndipo chikalata chiperekedwe kupolisi posachedwa. Mwana abwezeredwe kusukulu. Makolo alankhulidwe.

Werenganinso mizereyi. Akapimidwe, chiperekedwe, abwezeredwe, alankhulidwe. Mawu onse othera ndi "-dwe" amabisa mwini ntchito. Mwana anapimidwadi mawa lake, namwino analemba chikalata nachiika m'dirowa podikira kuti apolisi adzatenge. Wapolisi naye ankadikira kuti achipatala abweretse, poti m'maganizo mwake ndi zimene tinagwirizana. Mphunzitsi wamkulu sanabwere tsiku limenelo, anatuma uthenga kuti ali ku maliro, ndipo palibe amene anamuuza kuti m'buku muli ntchito yake. Za makolo, amfumu ankaganiza kuti apita a boma, a boma ankaganiza kuti apita amfumu.

Tinakumananso patatha masabata atatu. Chikalata chinali chikadali m'dirowa. Mtsikanayo anali atamuolotsa malire kupita kwa achibale a mwamunayo mbali ya Malawi, ndipo inu nonse mukudziwa kuti kuno munthu amadutsa m'munda wa mbatata n'kupezeka ali dziko lina. Zinatitengera miyezi iwiri ndi thandizo la mafumu a mbali zonse ziwiri kuti abwerere. Palibe amene ananama pa msonkhano wachiwiriwo. Aliyense anatsegula akita yanga n'kundionetsa kuti dzina lake mulibe, ndipo ankanena zoona.

Kuyambira pamenepo ndimajambula mizere inayi yotsika pa tsamba: chochita, wochita, tsiku lomaliza, ndi umboni. Chigamulo chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo sindichoka pa mzere umodzi mabokosi anayiwo asanadzaze. Zikanalembedwa bwino, za msonkhano wa Lachiwiri pa 11 Marichi zikanaoneka chonchi. Pano ndaika maudindo okha, koma m'buku mumalowa dzina lenileni la munthu.

1. Kupita ndi mwana kuchipatala kukapimidwa ndi kuyamba sikelo ya amayi apakati. Wochita: mayi wa ofesi yosamalira anthu. Pofika Lachitatu pa 12 Marichi, 10 koloko m'mawa. Umboni: khadi la sikelo.
2. Kutenga chikalata chakuchipatala ndi kukachipereka pamanja kwa wapolisi. Wochita: namwino. Pofika Lachisanu pa 14 Marichi. Umboni: siginecha ya wapolisi m'buku lotumizira makalata.
3. Kukauza mphunzitsi wamkulu zimene zagwirizanidwa ndi kumva yankho lake. Wochita: wapampando. Pofika Lachinayi pa 13 Marichi. Umboni: yankho lolemba kapena uthenga wa pafoni.
4. Kukumana ndi makolo pabwalo la amfumu. Wochita: amfumu, ndiwo aitane. Pofika Lolemba pa 17 Marichi. Umboni: amfumu adzafotokoza pa msonkhano wotsatira.

Taonani mzere wachitatu. Ntchito yobwezera mwana m'kalasi ndi ya mphunzitsi wamkulu, koma poti sanabwere, sindingamulembe ngati wochita. Munthu amene palibe sanavomere kanthu. Ndiye ntchito imene ndimalemba ndi yokamuuza, ndipo imagwera munthu amene ali m'chipindamo. Akavomera, dzina lake lidzalowa mu akita yotsatira pamodzi ndi tsiku limene wasankha yekha. Pokamuuzapo ndi bwino kukumbutsa kuti kuyambira kumapeto kwa 2018 lamulo lija losamutsira atsikana apakati ku maphunziro a usiku linachotsedwa, chifukwa alipo ena amene amaganizabe kuti likugwira ntchito.

M'bokosi la wochita mulowe dzina limodzi basi. Mukalemba "achipatala" mwalemba nyumba, ndipo nyumba siyankha foni. Mukalemba anthu awiri, aliyense amadalira mnzake. Ngati ntchito ikufunadi awiri, monga kupita kumudzi wapolisi ndi wa ofesi yosamalira anthu, lembani mmodzi ngati mwini ntchito, winayo ngati womuperekeza. Ndimafunsanso mokweza: "Mayi, ndikulemba dzina lanu pa ntchito iyi, mwavomera?" Poyamba ndinkachita manyazi kufunsa akuluakulu chonchi, ine ndili wamng'ono pa onse. Ndinapeza njira yofewa: "Bwana, ndithandizeni, apa ndilembe ndani?" Funso limeneli likabwera, chipinda chimakhala zii kwa kanthawi. Musathamangire kudzaza bata limenelo. Dikirani, wina atchula dzina.

Chachinayi, masiku

"Posachedwa", "sabata yamawa" ndi "mwezi uno usanathe" asapezeke mu akita. Lembani dzina la tsiku ndi deti pamodzi, kalendala ili patebulo, kuti musaike ntchito pa Loweruka kapena pa holide monga 7 Epulo kapena 25 Juni, maofesi atatseka. Ndipo tsikulo alitchule mwini ntchito. Iye ndiye akudziwa ngati njinga yamoto ili ndi mafuta, ngati msewu wa ku Domwe kapena wa ku Tsangano ukupitika mvula itagwa, komanso ngati chikalata chikufuna siginecha ya munthu amene ali ku Tete sabata yonse. Ngati ntchito ikufuna ndalama ya mafuta, kupeza ndalamayo ndi mzere wakenso, wokhala ndi dzina lake.

Zina siziwerengedwa ndi masiku koma ndi maola. Mwana akagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambika asanathe maola 72 chichitikireni. Zotere sizidikira msonkhano nkomwe, koma zikatulukira pamsonkhano lembani ola lenileni, ndipo wochitayo atuluke nthawi yomweyo.

Chachisanu, werengani anthu asanadzuke

Mphindi zisanu zomaliza ndi zanu. Werengani mizere ya zogwirizana yokha, umodzi umodzi. Akita yathu yopita ku ofesi imalembedwa m'Chipwitikizi, koma powerenga ndimanena m'Chichewa, kuti amfumu ndi kholo amve chimene akusainira. Kangapo konse pamenepa ndi pamene munthu amati, "Ayi, ine sindinatero." Bwino atero lero. Kenako aliyense asaine kapena adinde chala, ndipo tsiku la msonkhano wotsatira lilembedwe pompo. Ife tikanaika Lachiwiri pa 25 Marichi.

Zotsalazi n'zachidule. Lembani bwino akita pasanathe masiku awiri, mutu ukadakumbukira. Aliyense alandire mizere yake yokha, osati tsamba lonse. Samalani ndi malo ochitira fotokope a m'misika: ndinapezapo tsamba la nkhani ya anthu ena litatayidwa m'katoni pansi pa makina chifukwa linatuluka lakuda, ndipo ena amasunga zonse mu kompyuta yawo. Ngati palibe kuchitira mwina, imani pomwepo, lipirani ndi masamba owonongeka omwe, muwatenge. Pa gulu la WhatsApp musaponye chithunzi cha akita. Tumizani kwa munthu payekha nambala ya nkhani, ntchito yake ndi tsiku. Kutatsala tsiku limodzi muimbireni, mayunitsi ake ndi ochepa.

Msonkhano wotsatira uyambe ndi mizere ija, nkhani yatsopano isanalowe. Pa mzere uliwonse lembani chimodzi mwa zitatu: zachitika, sizinachitike, kapena zasintha. Zimene sizinachitike zilandire chifukwa chake m'mawu ochepa ndi tsiku latsopano, koma tsiku lakale musafufute, lizioneka pambali pake. Mzere ukasuntha kawiri, ndimaupereka kwa wapampando kuti aone ngati ntchitoyo ipite kwa munthu wina.